Takhuta: Kuunika Nkhani ya Mlendo m'Chigwa cha Shire

Pakati pa nkhani zazifupi zokamba za maulendo, pali mtundu wina umene gwero lake ndi kusamvana kwa mlendo ndi eni dera. Kawirikawiri nkhani zotere zimalembedwa kuti anthu aseke. Mlendo amamva mawu molakwa, amachita manyazi, wina amamuwongolera, ndipo nkhani imathera pomwepo. Nkhani imene ikuunikidwa pano ndi ya mtundu womwewo, koma mlembi wake sadakhutire ndi phwete lokha. Iye adafuna kuonetsa kuti mawu amene amasokeretsa mlendo kwambiri ndi amene iye akuganiza kuti akuwadziwa kale, chifukwa mawu achilendo munthu amafunsa tanthauzo lake, pamene mawu ozolowereka amangowameza osatafuna. Mawu amene nkhani yonse yatsamirapo ndi akuti "takhuta".

Tsatanetsatane wa nkhaniyi ndi wosavuta kumutsata. Mnyamata wina wa ku Dedza, amene adali atangotsiriza maphunziro a uphunzitsi, adatumizidwa kukayamba ntchito pasukulu ina ya pulayimale m'boma la Nsanje m'chaka cha chilala cha 1992. Adakwera basi ku Blantyre, natsika zitunda za Thabwa, nawoloka Shire pafupi ndi Chikwawa. Atafika pa Nchalo adagula buledi woti adye m'njira. Atadutsa Ngabu, basi idaima pa Bangula dzuwa litapendeka, ndipo pamenepo padakwera gogo wina wachizimayi atanyamula mdzukulu wake wodwala. Gogoyo adakhala pafupi ndi mnyamatayo, mwana ali pamiyendo. Mnyamata uja, pokhala woleredwa bwino, adanyema buledi napereka theka kwa gogoyo. Gogo adaweramitsa mutu nati, "Takhuta, mwananga," uku akuyesa kusolola dzanja limene lidatsamiridwa ndi mwana. Mnyamatayo adamva kuti awiriwo adya kale, choncho adabweza buledi uja m'chikwama. Gogo sadanene kanthu. Adatsika pa Tengani kunja kuli mdima.

Patapita masiku, mphunzitsiyo adamvanso mawu omwewo kawiri. Kamnyamata kamene kadamunyamulira katundu kadalandira ndalama nkunena kuti "takhuta", ndipo iye adaganiza kuti kakumunyogodola chifukwa ndalamayo idali yochepa. Kenaka m'kalasi, mtsikana wina amene adamubwereka pensulo adanenanso chimodzimodzi. Mphunzitsi adakwiya namufunsa ngati pensulo imadyedwa. Ana onse adaseka, ndipo mtsikanayo adafotokoza mwamantha kuti m'Chisena "takhuta" ndiye kuti "zikomo". Pamenepo mphunzitsi adakumbukira gogo wa m'basi uja. Adamufunafuna ku Tengani Loweruka ziwiri koma sadamupeze. Nkhani ikutha mphunzitsiyo ali pamphasa kwa kholo lina losauka limene lidamupatsa nyika zochepa m'kambale. Atadya, njala ikadali m'mimba, adawomba m'manja nati, "Takhuta."

Kuti wowerenga aone luso la mlembi, ayenera kuyamba wamvetsa mawuwo. Mneni woti "kukhuta" amapezeka m'Chichewa ndi m'Chisena momwe, ndipo m'zinenero zonse ziwiri amakamba za mimba imene yalandira chakudya chokwanira. Kachigawo koyambirira koti "ta-" kakuimira anthu ambiri amene achita chinthu ndipo chatheka, monga m'mawu oti "tafika" kapena "tadya". Kusiyana kuli pa ntchito imene mawuwa amagwira. Mchewa akanena kuti "takhuta" amatanthauza kuti chakudya chakwana, ndipo akawanena pamene wina akumupatsa chakudya, ndiye kuti akukana mwaulemu. Msena adawatenga mawu omwewo nawasandutsa mawu othokozera pa chilichonse: chakudya, ndalama, malangizo, ngakhale kumulozera njira. Akafuna kuthokoza kwambiri amati "takhuta maningi". Motero mawu amodzi, otchulidwa mofanana, kwa wina akutanthauza "chotsani" ndipo kwa mnzake akutanthauza "ndalandira ndi manja awiri". Pa malo ena alionse kusiyana kumeneku kukadangodabwitsa. Koma pamene pali chakudya, matanthauzo awiriwa amatsutsana kotheratu, ndipo apa ndi pamene mlembi adaikapo nkhani yake.

Izi siziyenera kudabwitsa wolankhula Chichewa, pakuti chinenero chakenso chili ndi mawu ambiri amene sanena zimene akuoneka kuti akunena. Munthu amati "ndapita" akadali chiimire pakhomo. Mawu oti "zikomo" amathokoza, amapempha njira podutsa pakati pa anthu, ndipo nthawi zina amakana chinthu. Mwana wa Mchewa sasokonezeka ndi zimenezi chifukwa adakula akuzimva. Mphunzitsi wa m'nkhaniyi amadziwa bwino kuti mawu a ulemu a kwawo ali ndi nkhope zingapo, koma sadaganizepo kuti a kwa eni ake angakhalenso otero.

Luso loyamba la mlembi likuoneka pa momwe adakonzera ulendowo. Chigwa cha Shire ndi kwawo kwa Amang'anja ndi Asena. Chimang'anja ndi chapafupi kwambiri ndi Chichewa, mwakuti munthu wa ku Dedza amamva pafupifupi chilichonse. Asena adachokera kumbali ya mtsinje wa Zambezi, m'dziko limene tsopano ndi Mozambique, ndipo adafika ambiri kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Chinenero chawo ndi chachibale ndi Chichewa, koma ndi chinenero pachokha. Mlembi adagwiritsa ntchito zimenezi mwanzeru. Pa Chikwawa ndi pa Nchalo mnyamata akucheza ndi anthu popanda vuto, ndipo akudziuza mumtima kuti amene adamuopseza za chilankhulo cha kuchigwa adangokokomeza. Basi ikamalowera kummwera, mawu monga "pinthu" m'malo mwa "zinthu" ayamba kumveka, koma iye akungowaona ngati Chichewa chopotoka. Pofika pa Bangula, iye wakhulupirira kale kuti palibe chimene angalephere kumva. Choncho kulakwa kwake sikukugwa ngati mphezi. Kwakonzedwa pang'onopang'ono, siteji ndi siteji, ndipo wowerenga akabwerera m'mbuyo amaona kuti msewu womwewo ndi umene udamunyenga.

Luso lachiwiri lili pa kakonzedwe ka zochitika za m'basi. Wowerenga wochenjera angafunse kuti: kodi munthu wothokoza satambasula manja? Ngati gogo adatambasula manja, mnyamata akadalephera bwanji kuona? Mlembi adaliona funso limeneli ndipo adalitsekera njira zitatu. Poyamba, adaika mwana wodwala pamiyendo pa gogo, kotero kuti manja onse awiri adali otanganidwa. Mwambo umafuna kuti munthu alandire chinthu ndi manja awiri, kapena ndi dzanja lamanja linalo litagwirizira, ndiye gogo sakadangotsomphola buledi ndi dzanja lamanzere. Adathokoza kaye ndi pakamwa pamene amakonza manja, ndipo kamphindi kameneko ndi kamene kadawononga zinthu. Kachiwiri, mlembi adasankha nthawi ya chisisira, pamene nkhope ya munthu sioneka bwino m'basi. Kachitatu, ndipo apa ndi pamene pali nzeru yeniyeni, adaonetsetsa kuti anthuwo akhale awiri. Gogo akadakhala yekha, mawu oti "takhuta" akadamveka achilendo pang'ono, ngakhale kuti akuluakulu ena amadzitchula ngati ambiri. Koma pokhala gogo ndi mdzukulu, "ta-" uja adagwirizana ndendende ndi zimene maso a mnyamata amaona: anthu awiri amene adya kale. Malamulo a Chichewa adamuchitira umboni wonama.

Funso lina ndi lakuti: nanga gogoyo adakhaliranji chete? Anthu ambiri a kuchigwa amamva Chichewa, ndipo nkutheka kuti gogo adazindikira pamene padalakwika. Mlembi sadafotokoze, ndipo adachita bwino kusafotokoza. Aliyense woleredwa pamudzi amadziwa kuti munthu wamkulu sangaitanitse chakudya chimene mwini wake wabweza. Kutero nkudzichotsa ulemu pamaso pa mwana. Gogo adasankha njala m'malo mwa manyazi. Chimene mlembi adalemba nchakuti gogo adakokera nsalu kumaso kwa mdzukulu wake pamene mnyamata amatafuna. Chiganizo chimodzi chimenechi chikunena zambiri kuposa ndime yonse ya madandaulo. Pakuwerenga koyamba chimaoneka ngati gogo akuteteza mwana ku fumbi. Pakuwerenga kwachiwiri zimadziwika kuti amabisa maso a mwana wanjala kuti asaone buledi.

Apa pakuonekera chifukwa chake nthawi ya nkhaniyi ili yofunika. Chaka cha 1992 chidali cha chilala choopsa m'maiko ambiri a kummwera kwa Afrika, ndipo chigwa cha Shire, chimene ndi chotentha ndi cha mvula yochepa ngakhale m'zaka zabwino, chidavutika kwambiri. Pa nthawi yomweyo boma la Nsanje lidali litalandira anthu miyandamiyanda othawa nkhondo ya ku Mozambique, imene idatha ndi pangano la mtendere mu Okutobala chaka chomwecho. Nkhani yomweyi ikadachitika m'nyengo ya masika, anthu akudya mapira ndi maungu, ikadakhala nthabwala yocheza nayo pabwalo. M'chaka cha njala, theka la buledi ndi chakudya cha tsiku lonse kwa mwana wodwala. Malo ndi nthawi pano sizokongoletsera nkhani chabe. Ndi zimene zasandutsa kuphonya kwa khutu kukhala mlandu wa pamtima.

Chinthu china choyenera kuchiona nchakuti nkhaniyi ili ndi owerenga a mitundu iwiri, ndipo aliyense amaimva mosiyana. Wophunzira wa ku Nsanje kapena ku Ngabu amadziwa tanthauzo la "takhuta" kuyambira pachiyambi. Iye amaona buledi akubwerera m'chikwama ndipo mtima umamupweteka nthawi yomweyo, chifukwa akudziwa chimene mpangankhani sakudziwa. Kwa iye nkhani yonse ndi kudikira tsiku limene mphunzitsi adzatsekuke maso. Wophunzira wa ku Kasungu kapena ku Ntcheu amasokera limodzi ndi mphunzitsiyo. Nayenso amavomereza kuti gogo wakana, nayenso amaona ngati kamnyamata konyamula katundu nkamwano, ndipo choonadi chikaululika m'kalasi, manyazi a mphunzitsi amakhalanso ake. Mlembi adakwanitsa zimenezi posimba nkhani yonse kudzera m'maso a mphunzitsi, osalowa m'mutu mwa munthu wina aliyense. Akadalowa m'maganizo a gogo ngakhale kamodzi, wowerenga wachiwiriyu akadapulumuka msampha, ndipo phunziro likadamudutsa.

Khalidwe la mpangankhani wamkulu nalonso lidaumbidwa mosamala. Iye si munthu woipa. Ndi iye amene adayamba kupereka buledi popanda womupempha. Chilema chake nchakuti amafulumira kuweruza ndipo safunsa. Gogo atati "takhuta", iye adaganiza kuti anthu a kuchigwa ndi onyada, amakana chakudya cha mlendo ngakhale nthiti zikuoneka. Kamnyamata katati "takhuta", adaganiza kuti ndi amwano. Kawiri konse adapeza chifukwa mwa anthu enawo, osati m'khutu lake. Chodabwitsa nchakuti chochitika chachiwiri chidali ndi chizindikiro chokwanira kumudzutsa: kamnyamatako kadali kokha, ndipo ndalama sidyedwa. Munthu wodekha akadaima nkufunsa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma m'nkhani ino wosafunsayo adadya buledi, ndipo amene adagona ndi njala ndi ena. Mlembi waukhotetsa mwambiwo kuti uonetse kuti mtengo wa kusafunsa nthawi zina amalipira ndi munthu wosalakwa.

Sizidangochitika mwangozi kuti mlendoyu ndi mphunzitsi ndipo womuwongolera ndi mwana wa sukulu. M'chaka cha 1968 Chichewa chidasankhidwa kukhala chinenero cha dziko, ndipo kwa zaka zambiri ndicho chokha mwa zinenero za m'dziko muno chimene chinkaphunzitsidwa m'sukulu ndi kumveka pa wailesi ya boma. Nkhani za m'Chisena zidayamba kuulutsidwa pa wailesiyo m'chaka cha 1996. Zotsatira zake zidali zakuti mwana wa Msena ankaphunzira Chichewa mokakamizika, pamene Mchewa sankaona chifukwa chophunzirira Chisena. Ichi nchifukwa chake m'kalasi muja mtsikana wamng'ono adatha kumasulira mawu kuchokera m'chinenero china kupita m'chinzake, pamene mphunzitsi wa satifiketi adalephera. Mlembi sadalalikire za zimenezi. Adangosinthanitsa malo: wophunzitsa adakhala wophunzira, ndipo amene amayesedwa wosadziwa ndiye adali ndi zinenero ziwiri m'kamwa.

Komabe nkhaniyi siyopanda zofooka. Chofooka chachikulu chili pa ndime imene ikutsatira kuseka kwa ana. M'malo mosiya mphunzitsi ndi manyazi ake, mlembi adalowetsa mphunzitsi wamkulu amene akulankhula nthawi yaitali za ubwino wolemekeza zinenero za ena. Zimene akunenazo nzoona, koma wowerenga waziona kale ndi maso ake. Njira yodziwira ndime yosafunika m'nkhani yaifupi ndi yapafupi: ichotsedwe, kenaka nkhani iwerengedwenso. Ngati palibe chimene chasoweka, ndimeyo idali katundu wongolemetsa. Malangizo a mphunzitsi wamkulu akachotsedwa, nkhani imachoka pa mawu a mtsikana nkufika pa mphunzitsi ali yekha usiku akukumbukira nsalu ija ikukokeredwa kumaso kwa mwana, ndipo imakhala yamphamvu koposa. Zikuoneka kuti pamenepa mlembi adakayika ngati owerenga angatole okha phunziro.

Chofooka chachiwiri nchakuti anthu a kuchigwa akuoneka mbali imodzi yokha. Onse ndi ofatsa, opirira ndi okhululuka. Palibe ndi mmodzi yemwe amene akukwiya ndi mphunzitsi wokalipira mwana chifukwa chothokoza. M'basi modzaza anthu, nkovuta kukhulupirira kuti padalibe munthu wina woona zimene zidachitika ndi kulankhulapo. Mlembi adafunitsitsa kuti wowerenga awamvere chisoni anthuwa, mwakuti adawachotsera ukali umene anthu enieni amakhala nawo. Chisoni chotere chili ndi ngozi yake, chifukwa chimasandutsa eni dera kukhala zida zophunzitsira mlendo m'malo mokhala anthu okhala ndi nkhani zawozawo.

Ngakhale zili choncho, mathero a nkhaniyi akubwezera zambiri zimene zidatayika. Mlembi wofooka akadakumanitsanso mphunzitsi ndi gogo uja, buledi wina nkuperekedwa, onse nkuseka. Mlembi uyu adakana njira yapafupiyo. Gogo sakupezeka, ndipo za mwana wodwala uja sizikudziwika. Kudziwa kwafika, koma kwafika mochedwa, monga zimakhalira kawirikawiri m'moyo. Chimene mphunzitsi angathe kuchita ndi kusintha khutu lake ndi lilime lake basi.

Kusinthako kukuonekera pa mbale ya nyika. Nyika ndi zinthu zonga timbatata zimene zimamera pansi pa madzi m'madambo a Shire. Anthu amazizula pa nthawi ya njala, ndipo pozifuna amalowa m'madzi momwe muli ng'ona. Kholo limene lidaika nyika pamaso pa mphunzitsi lidapereka chinthu chimene lidachipeza poika moyo pachiswe. Mphunzitsi atanena kuti "takhuta", mawuwo m'Chichewa adali bodza, pakuti mimba yake idali isadadzaze. M'Chisena adali choonadi chokhachokha. Kumayambiriro kwa nkhani iye adamva mawu a Chisena ndi khutu la Chichewa, ndipo munthu adagona ndi njala. Kumapeto akulankhula mawu omwewo ndi mtima wa Chisena, iye mwini ali ndi njala. Apa wowerenga amazindikiranso chifukwa chake mtundu wa anthu ungasankhe mawu a kukhuta kuti akhale mawu othokozera: wothokoza amauza wopereka kuti chimene wapereka chakwana, kaya nchachikulu kaya nchaching'ono.

Pomaliza, nkhaniyi ndi chitsanzo chabwino cha momwe nkhani yaifupi imagwirira ntchito. Ili ndi mpangankhani wamkulu mmodzi, vuto limodzi, ndi mawu amodzi amene akumveka kanayi, ulendo uliwonse ndi kulemera kwina: poyamba ngati kukana, kachiwiri ngati mwano, kachitatu ngati phunziro, ndipo kachinayi ngati kuthokoza kochokera pansi pa mtima. Wophunzira wofuna kulemba nkhani ya mtundu umenewu atengepo zinthu zitatu. Asankhe mawu enieni amene alipo m'zinenero ziwiri, osati opeka. Akonze malo, nthawi ndi anthu mwakuti kulakwako kukhale kokhulupirika. Ndipo aonetsetse kuti pali wina amene wataya kanthu chifukwa cha kulakwako, pakuti kusamvana kumene sikupweteka munthu aliyense kumangobala nthabwala. Nkhani ya "takhuta" idakwanitsa zitatu zonsezi, ndipo ikadapanda ulaliki wa mphunzitsi wamkulu uja, pakadakhala pochepa poidzudzula.